Kontorola yafika koma mfana shoti iliyonse ikupita kumwamba

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anachita ngozi ya njinga yamoto chaka chatha, anavulala khosi, pano amayendera wilitcheya. Mikono imayenda, chigongono amapinda, dzanja amatha kulidzutsa pamfundo paja, koma zala sizigwira kanthu. Supuni timachita kumumangirira. Asanavulale, mpira wa pa Xbox ndiye unali ndiwo zake, moti mayi ankachita kumubisira waya. Tsono achemwali athu a ku Joni atumiza Xbox Adaptive Controller, ija yoyera yokhala ndi mabatani 2 akuluakulu akuda. Talumikiza ku Series S, yayaka bwinobwino. Koma ilibe sitiki yoyendetsera osewera, ndiye ine ndimayendetsa ndi kontorola wamba iye n'kumamenya mabatani. Vuto lina, akati amenye shoti mpira ukupita kumwamba ngati akufuna kugwetsa mango. Masiku 3 tsopano, dzulo wanena kuti tingoibweza m'katoni. Ndatani molakwika?

Madala Gemu: Aise, simunalakwitse, kungoti mwagula theka la katundu. Chinthu chimenecho si kontorola yathunthu, ndi ngati ekisitenshoni ya magetsi. Tatembenuzani muone kumbuyo, kuli mabowo 19 ofanana ndi a mahedifoni, lililonse lili ndi chizindikiro chake, A, B, X, Y, RT ndi ena. Mumalowetsamo mabatani apadera. M'mbali muli USB kumanzere ndi kumanja, imeneyo ndi ya masitiki. Auzeni achemwaliwo agulenso Logitech Adaptive Gaming Kit, mumakhala mabatani 10 ndi matiriga 2. Inatuluka 2019 pa madola 100. Mukapeza imeneyo nkhani yatha. Shoti ndi B, pasi ndi A.

Chiko wa Noma: Ine ndinaona pa vidiyo mzungu wina akusewera ndi mapazi. Ingoiyikani pansi azipondereza, mabatani akuluwo anawapangira zimenezo.

Wa ku Area 25: Achimwene a Chiko, miyendo siyenda. Ndanena kuti ali pa wilitcheya.

Chiko wa Noma: Pepani akulu, ndinawerenga mothamanga.

Nachisale: Moni nonse. Ine ndili ku Leeds, ntchito yanga ndi yothandiza anthu ovulala kuti ayambirenso kudzichitira zinthu, monga kudya, kuvala, ngakhale zamasewera zomwezi. Musanatume achemwali kukagula china chilichonse, achimwene a ku Area 25, ndiyankheni izi. Mukaika dzanja lanu kutsogolo kwake n'kumuuza kuti akankhe, mphamvu zimakhalapo? Nanga akamakokera kwa iye? Ndipo pamene akumenya B, dzanja limakhala lili m'mwamba n'kutsika, kapena limakhala litagona kale pa batanipo?

Wa ku Area 25: Ndangomuyesa kumene. Kukoka amakoka zedi, wandidabwitsa. Kukankha ndiye kulibe, amachita kuponya phewa lonse. Pa batani amaligwetsapo dzanja, kenako limakhalitsa pomwepo asanalichotse.

Nachisale: Basi, mango anu aja achokera pamenepo. Mu mpira umenewu mphamvu ya shoti siyendera kuti mwamenya batani molimba bwanji, imayendera nthawi imene batani lakhala lopanikizidwa. Taonani kamzere kamene kamadzaza pansi pa sikirini. Munthu wa zala zabwino amangogunda n'kuchotsa, kamzere kamafika pakati. Mng'ono wanu kugunda sakuvutika, chifukwa kulemera kwa dzanja kukumugundira. Chikumuvuta ndi kuchotsa. Pamene akuti asonkhanitse mphamvu adzutse mkono wonse, kamzere kadzaza kale.

Ndiye mabatani 10 a Madala aja mukawayala chogona patebulo ngati mandasi, vuto likhala lomweli. Batani la shoti lisakhale pansi pa dzanja. Likhale pamwamba pake. Mkono ugone pa thabwa, chikhatho chiyang'ane pansi, batani lilendewere pamwamba pa kuseri kwa dzanja, mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri. Akadzutsa dzanja pamfundo paja, zimene mwanena kuti amatha, lagunda. Akangolekerera, dzanja ligwa lokha ndipo batani lamasuka. Kugundako azichita ndi mnofu umene uli ndi mphamvu, kuchotsako azimuchitira ndi kulemera kwa dzanja.

La pasi mukhoza kuliimika chilili chakumkati, mbali ya kumimba kwake, kuti aziligunda pokokera dzanja mkati. Chilichonse chofuna kukankhira kutsogolo chisiyeni kaye.

Madala Gemu: Achemwali, zomveka, koma zimenezo si zongosintha mu gemu? Pali Shot Assistance, mukaika pa Assisted gemu imakuthandiza.

Nachisale: Imathandiza kulunjika pagolo, Madala, ndipo aiyike ndithu. Koma kamzere kamphamvu kamakhalabe m'manja mwa wosewera. Kakadzaza, mpira ukakwera basi.

Amisiri a ku Limbe: Ndalowa mochedwa. Ine ndimakonza mafoni ndi mawayilesi, ndiye nkhani ya madola 100 yandiwawa mumtima. Mabowo akumbuyo aja safuna zamatsenga. Batani lililonse limene limagundanitsa mawaya 2 ukalipanikiza, n'kuwalekanitsa ukalisiya, ligwira. La belu wapakhomo, la hutala ya njinga yamoto, onsewo. Koma kwa munthu wa mphamvu zochepa amenewo ndi olimba. Pezani mausi yakompyuta yakufa, muiphwasule. Pansi pa pamene timadina pali kaswichi kakang'ono, kaja kamalira kuti tiki tiki. Kamenekaja n'kofewa kwabasi.

Kali ndi miyendo 3. Wina ndi COM, wina NO, wina NC. Inu mukufuna COM ndi NO. Ngati sanalembe, tengani malitimita muike polira paja, mufufuze miyendo 2 imene ili chete mpaka mutadina. Mukalakwitsa n'kuwotcherera pa NC, mudzadziwa msanga: mukangolowetsa pulagi gemu izidzaona ngati munthu wapanikiza osasiya, ndipo mukadina m'pamene izidzaleka.

Pulagi yabwino ndi ya 3.5mm ya mzere umodzi wakuda. Waya wina kunsonga, wina kuthupi lalitali lakumunsi. Ya mahedifoni akale ya mizere 2 imathekanso, mugwiritse nsonga ndi kumunsi, wapakati mum'siye. Kungoti timawaya ta mahedifoni timakhala topaka utoto wosalola moto kudutsa, muyambe mwatiwaula ndi machesi n'kupala, apo ayi kuwotcherera sikugwira. Ndipo chonde, musalumikizeko batire kapena magetsi alionse ku waya ameneyo. Kontorola imapereka yokha kamoto kamene ikufuna.

Wa ku Area 25: Amisiri, kaswichi ka mausi n'kochepa ngati njere ya chimanga. Munthu wopanda zala akagunda bwanji?

Amisiri a ku Limbe: Mumakaveka chipewa. Dulani kachidutswa ka pulasitiki yolimba, kaya rula yakale kaya chivindikiro cha botolo la chiponde. Mbali imodzi muimange ndi selotepi yolimba kuti izichita ngati chitseko, pakati pake pagone pa kaswichi. Akagunda paliponse pa chivindikirocho, kadina. Muikenso kamtengo kotchinga pambali kuti akagunda mwamphamvu chivindikiro chiziima pa kamtengoko, chisaphwanye swichi.

Nachisale: Ndiwonjezere pa za Amisiri. Pamene pazigunda khungu pakhale posalala, mumatepo kasiponji kapena kansalu kofewa. Anthu ovulala khosi ambiri samva bwino mbali zina za dzanja, makamaka chakukachala kakang'ono, moti chinthu chikhoza kumamucheka iye osadziwa. Masiku oyamba asewere mphindi 20, muchotse, muyang'ane khungu la dzanja ndi chigongono. Pakachita kuda kuposa pena, kutentha kapena kutupa, ndipo pakatha theka la ola osabwerera, pamenepo pakupanikizika. Musapitirize mpaka mutasuntha chinthucho.

Mayi a Mapasa: Pepani ndilowerere. Mwana wanga wa zaka 11 anabadwa ndi vuto loti dzanja lamanja ndi lolimba, silitambasuka, lamanzere lili bwino. Ife tili ndi PS4. Kontorola imeneyi ingagwire kwathu? Nanga imagulidwa kuti?

Madala Gemu: Mayi, imeneyi ndi ya Xbox ndi kompyuta ya Windows. Pa PS4 simungangoilowetsa n'kuyamba kusewera. A Sony ali ndi yawo, Access controller, yozungulira ngati mbale, inatuluka Disembala 2023, koma ndi ya PS5 yokha. Chimene mungachite lero osalipira kanthu, pitani pa Settings, Accessibility, Button Assignments. Pamenepo mukhoza kusamutsa ntchito za mabatani akumanja kupita ku L1 ndi L2 ndi mivi ija, kuti dzanja lamanzere lizifikira zofunika.

Mayi a Mapasa: Ndiyesa. Koma amakonda ya magalimoto osati mpira.

Madala Gemu: Ndiye yaphweka kale. Mafuta pa L2, buleki pa L1, chiwongolero pa sitiki yakumanzere. Kungoti pa sikirini pazilembedwabe R2, mumuuze asasokonezeke.

Nachisale: Mayi a Mapasa, dzanja lolimbalo musalitaye. Ngakhale lingogwirizira kontorola pa pilo, kapena lipatsidwe batani limodzi losafulumira, likhale ndi ntchito. Mukambirane ndi amene amamuongola mafupa. Koma mutsegule funso lanu palokha, pano tingasokoneze a Area 25.

Wa ku Area 25: Nanga za sitiki? Dzulo ndinayesa kulowetsa kontorola wamba ku USB ya m'mbali ija, palibe chinachitika.

Madala Gemu: Sizingatheke zimenezo, mabowo a m'mbaliwo amalandira majoyisitiki a USB, ndiponso si onse. Imene ndikudziwa kuti imagwira ndi Logitech Extreme 3D Pro, ija yokhala ngati ya oyendetsa ndege. Koma njira yaulere ilipo. Pa Settings, Accessibility, Controller, pali Controller Assist, kale inkatchedwa Copilot. Mukayatsa, makontorola 2 amasanduka imodzi. Ndiye kontorola wamba ija muimangirire pathabwa, mfana aziyendetsa sitiki yake ndi dzanja lamanzere, mabatani azimenya pa inayo ndi lamanja. Gemu iziona munthu mmodzi.

Wa ku Area 25: Iii, ndiye ife timasewera ngati anthu 2 a timu imodzi, n'chifukwa chake pena wosewera wake amangoima chilili.

Nachisale: Apa Madala alasa. Joyisitiki ya ndege ija ine sindingayambire imeneyo, ndi yaitali, sipuling'i yake ndi yolimbirapo, ndipo anaipangira munthu woti afumbate. Yambani ndi kontorola wamba. Kasitiki kake n'kakafupi, kanapangidwira chala chachikulu, ndiye mukatalikitse pang'ono n'kuika chinthu chotambalala pamwamba kuti chikhatho chigonepo. Anzathu kuno amaikapo chogwirira chooneka ngati zigoli za mpira, dzanja limalowa pakati, ndiye likapita kumanzere kapena kumanja silitsetsereka. Kalipentala aliyense angaseme ka thabwa kopepuka. Dziwani kuti mukatalikitsa sitiki imafewa, koma dzanja limayenda mtunda wautali kuti ifike kumapeto. Musapitirire, yambani ndi kutalika kwa chivindikiro cha botolo chimodzi kapena ziwiri.

Chigongono chikhale ndi potsamira. Mkono ukamalendewera, phewa limatopa isanathe hafu yoyamba, ndipo kulemera konse kumatsikira pa kasitiki, kamayamba kudina kokha pansi.

Amisiri a ku Limbe: Ndipo kadzayamba kuyenda kokha pakatha miyezi, ndimalandira ambiri otero. Musamate ndi supagulu pa sitiki yeniyeniyo, ikadontha mkati mwataya kontorola. Pezani timphira tovekera pa sitiki tija, mumate pa kamphirako. Thabwa likhale pulayiwudi, pansi pake muike kamphira ka tayala kuti lisamathawe. Mabatani musakhomere misomali sabata yoyamba, gwiritsani zomata zokhala ngati za pa nsapato za ana, chifukwa mudzasuntha kakhumi.

Wa ku Area 25: Ndabweranso patatha masiku 4. Thabwa tapanga, mnzanga wa mawayilesi ku msika wawotcherera maswichi 2 a mausi. La shoti talipachika pa kachitsulo kopindika pamwamba pa dzanja monga ananenera achemwali a Nachisale. Kamzere kamphamvu tsopano akukaimitsa pakati, ndaona ndi maso anga. Koma kwabuka china. Ndinalowetsa mu bowo la B monga ananenera Madala, akamenya mpira ukumapita m'mwamba chopingasa ngati kolosi, osati kugolo. Usiku iye atagona ndinalowa mu pulogalamu yosinthira mabatani ya Xbox Accessories, ndinapanga pulofayilo yoti B ikhale X. M'mawa ndapita kuntchito, pobwera ndapeza akukolosabe. Kuwonjezera apo batani lija silikubwezanso m'mbuyo mu menyu. Kapena swichi ya mausi ikutumiza zolakwika?

Amisiri a ku Limbe: Swichi siidziwa A kapena B, bwana. Imangotseka ndi kutsegula. Ikanakhala yolakwika bwenzi ikudina yokha kapena osadina n'komwe. Vuto lili kutsogolo.

Madala Gemu: Mufunseni mfana, kale ankamenya shoti ndi batani liti?

Wa ku Area 25: Akuti X. Akuti anayambira mpira wina uja wa Konami ndiye anazolowera choncho.

Madala Gemu: Hahaha ndiye ndakusokeretsani ndine, pepani. Gemu yake inali pa Alternate. Pa Classic shoti ndi B, kolosi ndi X. Pa Alternate zimasinthana, shoti X, kolosi B. N'chifukwa chake poyamba inkakolosa. Komatu masiku oyamba aja munkati shoti ikupita kumwamba, mwina ena mwa mango aja anali makolosi. Chimene sindikumvetsa, mutasintha B kukhala X inayenera kukhala bwino.

Wa ku Area 25: Ndafufuza. Masana kunabwera mnzake wa kusukulu, ataona kuti B ikukolosa mu gemu ya dzulo lake anakasintha gemu kuika pa Classic. Sanadziwe kuti ine ndakonza kale kwina.

Nachisale: Ndaseka mpaka anzanga andiyang'ana. Musadandaule, izi zimachitika ngakhale kuno. Batani limodzi limadutsa pa zipata 3. Choyamba ndi bowo limene mwalowetsa pulagi. Chachiwiri ndi pulofayilo ya mu Xbox Accessories, imene ingasandutse B kukhala X. Chachitatu ndi gemu, imene imanena kuti X amatanthauza chiyani pabwalo. Inu munatembenuza pachiwiri, mnzakeyo pachitatu, ndiye mwabwerera pomwe munayambira.

Chitani chonchi. Pamwamba pa kontorola pali batani la Profile ndi timagetsi 3. Dinani mpaka tonse tizime. Tikazima ndiye kuti bowo lililonse likuchita zimene analemba pamenepo, palibe chosinthidwa. Gemu isiyeni pa Classic, pulagi ikhale mu B. Mukatero batani lomwelo likhala shoti pabwalo, komanso lobwezera m'mbuyo mu menyu, ndipo la A likhala pasi komanso lovomerezera. Ndi mabatani 2 okhawo akhoza kuyatsa gemu, kusankha timu, kutuluka, osaitana munthu. Kuzolowera X kunali kwa chala, pano akumenya ndi kuseri kwa dzanja, chilembocho sichikumukhudzanso.

Ine lamulo langa, chimene chingatheke posamutsa pulagi ndimasamutsa pulagi, chifukwa aliyense m'nyumba amaona ndi maso. Chikakanika ndimapita mu gemu, chifukwa gemu ikasintha imasinthanso zolemba pa sikirini. Pulofayilo ndimaisiyira zimene kwinako sizingatheke. Ndipo batani la Profile lija mulitchinge ndi kakatoni, dzanja likaligunda mwangozi pakati pa gemu mudzayamba kusaka mfiti.

Chiko wa Noma: Mulembenso papepala mumate pathabwapo kuti OSASINTHA KANTHU. Anzake a mfana ndi akatswiri onse.

Wa ku Area 25: Zatheka! Wagoletsa 2 madzulo ano pa Amateur, mayi anachita kutuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja. Koma tsopano akudandaula kuti osewera ake akuyenda ngati akupita kumaliro. Kuthamanga ndi RT, ndipo RT imafuna kupanikiza osasiya kwinaku ukupatsira. Dzanja lamanja lili kale ndi pasi ndi shoti, lamanzere lili pa sitiki. Kusintha wosewera ndi LB nakonso kulibe poika.

Madala Gemu: LB iwaleni. Mu Controller Settings ikani Auto Switching pa Automatic, gemu izimusankhira yokha wosewera amene ali pafupi ndi mpira. Pena imasankha mopusa koma n'chimodzimodzi kochi wa timu yathu. Muonenso Game Speed, muike pa Slow. Palinso makonzedwe a Two Button ndi One Button, pamene gemu imaganiza yokha mtundu wa pasi, ngati akufuna mpira wodutsitsa pakati pa otchinga popanda batani la Y.

Za kuthamanga, apa ndiye pofunika pulofayilo. Ngati kontorola yalandira zatsopano za pa intaneti, mu Xbox Accessories muli Toggle hold. Mukaika pa RT, akagunda kamodzi imakhala ngati wapanikiza, akagundanso yamasuka. Batani lachitatu mulowetse mu RT, basi.

Wa ku Area 25: Two Button wakana, akuti ndi ya ana. Toggle tayesa usiku uno ndi batani lachitatu pambali pa la pasi. Ikugwira, koma amaiwala kuti yayaka, ndiye wosewera amangothamanga ndi mpira mpaka kunja. Akafuna kuzimitsa, dzanja lichoke pa pasi, pamenepo alandidwa kale.

Madala Gemu: Azolowera. Ana ambiri amasewera atapanikiza RT gemu yonse.

Nachisale: N'chifukwa chake amaluza, Madala. Ine Toggle sindiikana, koma ikuwonjezera ntchito ku dzanja limene latanganidwa kale. Ndikanakonda kuthamanga kupite ku chiwalo china. Malo amene ndimayesa kawirikawiri ndi pambali pa mutu, batani lomangirira ku chotsamira mutu cha wilitcheya, kuti akapendeketsa mutu pang'ono lagunda, akawongoka lamasuka. Koma uyu anavulala khosi, ndipo sindikudziwa kuti anamuika zitsulo kapena ayi, ndiye ili musapange musanafunse adokotala ake kapena amene amamuchititsa mafizo. Malo ena ndi chigongono chamanja, batani lili chakunja kapena chakumbuyo kwake, azilikankha ndi phewa. Limeneli silikhudza khosi, koma kwa ena chigongono chikasuntha dzanja limachoka pansi pa batani la shoti. Muyese muone.

Amisiri a ku Limbe: Nanga Shift ija? Ndinamva kuti batani limodzi limatha kugwira ntchito 2.

Nachisale: Imatero. Mumasankha batani limodzi kukhala Shift, ndiye mukalipanikiza ena aja amasintha ntchito, A ikhoza kukhala Y, B kukhala X. Mabatani 3 amabala ntchito 4. Koma Shift imafuna kuigwira pamene ukumenya linalo, ndiye tabwerera ku funso lomwe lija, aigwira ndi chiyani? Akapeza malo achitatu pathupi, asankhe yekha kuti apaike kuthamanga kapena Shift. Ine ndikanati kuthamanga, makolosi adikire.

Madala Gemu: Ine ndikanati Shift, kuthamanga kukhale pa Toggle. Mpira wopanda pasi yodutsitsa si mpira.

Chiko wa Noma: Mpira wopanda Noma ndi Bullets si mpira, koma tikusewerabe.

Mayi a Mapasa: Kungodziwitsa kuti za L2 zija zatheka, wamaliza mpikisano woyamba ali nambala 7. Koma mchemwali wake akulira kuti mabatani asokonekera.

Madala Gemu: Mum'tsegulire dzina lakelake pa PS4, mayi, aliyense azilowa ndi lake.

Wa ku Area 25: Achemwali a Nachisale, funso lomaliza. A ku Joni akufunsa kuti Disembala akamabwera atenge chiyani. Awona Xbox Adaptive Joystick, akuti ndi yotchipa.

Nachisale: Inatuluka 2025 pa madola 30, ili ndi waya, imalowa ku USB ya m'mbali ija, ndipo pansi pake pali bowo la sikuluwu ngati la kamera loti muimangirire. Ubwino wake mudzachotsa kontorola wamba pathabwa, Controller Assist osafunikanso, ndipo malo adzapezeka. Koma kasitiki kake n'kachala chachikulu komwe kaja, chogwirira chanu cha thabwa chidzafunikabe, ndipo timabatani take iye sadzatidina. Ikadzalowa mu kontorola yaikuluyo mudzathanso kusintha kamvedwe ka sitiki mu pulofayilo, Aggressive ngati dzanja silifika patali, Delayed ngati limagwedezeka. Asanagule, onerani mavidiyo a SpecialEffect, bungwe la kuno ku Britain limene linathandiza nawo popanga kontorola imeneyi, amaonetsa anthu a manja ngati a mng'ono wanu ndi mmene anawaikira. Muonere limodzi ndi iyeyo, aloze yekha chimene akuona kuti angathe.

Munditumizirenso chithunzi cha thabwalo iye atakhala, nkhope musajambule. Ndikufuna ndione kutalika kwake, chifukwa mwanena kuti amaponya phewa.

Wa ku Area 25: Ndatumiza kumbali. La chigongono tayesa lero, likugwira akamaukira kumanja, koma akatembenuka thupi limapendekera ndipo limadinika lokha. Za mutu tikafunsa Lachinayi ku mafizo. Pakali pano wabwezera Toggle, akuti Madala akunena zoona. Khungu lili bwino, kungoti kuseri kwa dzanja kunachita kamzere, ndawonjezera siponji.

Nachisale: Chithunzi ndachiona. Thabwa lakwera kwambiri, mapewa ake afika m'makutu. Tsitsani ndi zala 3, ndipo muike kapilo kumanzere m'nthiti kuti asamapendekere, kenako muyesenso la chigongono lija musanalitaye. Kamzereko kanatha patapita nthawi yaitali bwanji?

Wa ku Area 25: Mphindi 10 kanali katatha. Thabwa nditsitsa mawa, macheka ali kwa aneba.